Ndimakonda bayoloje koma masamu amandivuta, ndisankhe kosi yanji ku yunivesite?

"Zikomo aphunzitsi. Ndine mtsikana wa zaka 18, ndangomaliza kulemba mayeso otsiriza a sekondale ndipo posachedwapa tidzaza mafomu a ku yunivesite. Pa mayeso oyeserera ndinapeza malikisi awa pa 100: bayoloje 82, zaulimi 78, Chingerezi 71, kemisitiri 58, fizikisi 52, masamu 47. Kunyumba anayamba kale kunditchula kuti adokotala. Ineyo chimene ndikudziwa n'chakuti tsiku limene tinaona maselo a anyezi pa maikulosikopu sindinafune kutuluka mu labotale, koma kukhala pakati pa anthu ambiri kumanditopetsa. Ndingadziwe bwanji ntchito yogwirizana ndi maphunziro anga ndisanasankhe kosi?" — T.

Mwana wanga, mtima ukhale m'malo. Malikisi amenewa si a munthu wosowa kolowera, ndipo wachita bwino kufunsa fomu isanafike m'manja. Ambiri amene ndakhala nawo pansi pa nkhani imeneyi amabwera atalowa kale kosi, chaka choyamba chitawapweteka. Chimene chimasokoneza ana ambiri n'chakuti kusukulu zonse zimagawidwa ndi maina a maphunziro, ndiye amayamba kuganiza kuti phunziro lililonse lili ndi ntchito yake imodzi. Wa bayoloje akhale dokotala, wa masamu akhale injiniya, wolongolola m'kalasi akhale loya. Koma dokotala, namwino, woyeza magazi mu labotale, katswiri wa matenda a mbewu ndi mphunzitsi wa sayansi onse anadutsa mu bayoloje, ndipo ukawatsatira kuyambira m'mawa mpaka madzulo upeza kuti tsiku lawo silifanana ngakhale pang'ono. Ndiye tiyambe tadziwa chimene iweyo umakonda kuchita mkati mwa bayolojeyo, kenako tione ngati maphunziro amene ukufookawo angakulole kudutsa.

Tenga makope ako a bayoloje ndi a zaulimi a zaka ziwiri zomalizazi, ulembe mitu yonse papepala. Pa mutu uliwonse udzifunse zinthu ziwiri. Kodi mutu umenewu ndinauwerengapo popanda wondituma, mayeso asanayandikire? Nanga ndinakhoza chifukwa chomvetsa kapena chifukwa choloweza? Ukamaliza uona kuti 82 wako uja sanachokere pamalo amodzi. Pali mitu ya thupi la munthu, monga kayendedwe ka magazi ndi ntchito ya impso. Pali mitu ya tinthu tosaoneka ndi maso, maselo ndi tizilombo toyambitsa matenda. Pali mitu ya chibadwa, imene ili ndi timasamu take, ngati zija za makolo awiri aatali obereka mbewu zitatu zazitali pa imodzi yaifupi. Palinso mitu ya kunja, ya zomera, nthaka ndi mmene zamoyo zimadalirana. Kumene kwaunjikana mitu imene unkawerenga wekha ndi kuimvetsa ndi kumene tiyang'ane.

Pali zinthu ziwiri zimene zimanamiza pa kuwerengera kotereku. Choyamba ndi mphunzitsi. Mwana amatha kukonda phunziro chifukwa aphunzitsi ake anali ansangala ndi odziwa kufotokoza, osazindikira kuti chimene wakonda ndi aphunzitsiwo. Njira yodziwira ndi yosavuta: kumbukira teremu imene munaphunzitsidwa ndi mphunzitsi wina, kapena imene munalibe mphunzitsi n'komwe. Ngati unapitiriza kuwerenga wekha, chikondicho n'cha phunziro. Chachiwiri ndi kuloweza. Bayoloje ya ku sekondale imapatsa malikisi ambiri munthu wa mutu wogwira zinthu msanga, pamene ya ku yunivesite imafunsa chifukwa chake. Dziyese ndi mafunso a m'mapepala akale amene amakupatsa zotsatira za kafukufuku n'kukuuza kuti ufotokoze chimene chachitika. Ngati mafunso amenewo ndi amene umawasiya mpaka kumapeto, dziwa kuti gawo lina la malikisi ako ndi la kuloweza.

Akatswiri a uphungu wa ntchito ali ndi njira imene imathandiza pamenepa. Katswiri wina wa ku America wa kaganizidwe ka anthu, John Holland, anafotokoza mu 1959 kuti zokonda za anthu pa ntchito zimagwera m'magulu 6. Pali okonda kugwira zinthu ndi manja, zida, makina, ziweto ndi mbewu. Pali okonda kufufuza, amene sagona mpaka adziwe chimene chachititsa. Pali okonda kupanga zatsopano mwaluso, monga kujambula, kulemba ndi kuimba. Pali okonda kuthandiza ndi kuphunzitsa anthu maso ndi maso. Pali okonda kutsogolera, kukopa anthu ndi kuchita malonda. Ndiye pali okonda dongosolo, kusunga kaundula ndi kuonetsetsa kuti nambala iliyonse ili pamalo pake. Palibe munthu amene amakhala m'gulu limodzi lokha. Ambiri amakhala ndi magulu awiri kapena atatu amene amaposa enawo, ndipo ntchito nazonso zimafuna magulu ophatikiza.

Ndikawerenga kalata yako ndikuona wofufuza, ndipo 78 wa zaulimi akundipatsa ganizo loti mwina umakondanso kugwira zinthu ndi manja. Gulu lothandiza anthu maso ndi maso silikuoneka kwenikweni. Apa m'pamene pagona nkhani ya udokotala. Dokotala ndi wofufuza ndithu, chifukwa amasonkhanitsa zizindikiro kuti apeze matenda, koma zizindikirozo amazipeza kwa munthu amene akubuula, amene ali ndi mantha, amene abale ake aima pakhomo kufuna mayankho. Wodwala akatuluka, wina walowa, mpaka dzuwa kulowa, nthawi zina mpaka usiku wonse. Sindikunena kuti munthu wofatsa sangakhale dokotala. Alipo madokotala abwino kwambiri osalankhulalankhula, ndipo alipo ena amene pambuyo pake amasankha nthambi zoyeza minofu mu labotale kapena zowerenga zithunzi za mkati mwa thupi. Koma asanafike kumeneko onse amadutsa zaka za m'mawodi. Kufatsa n'kosiyana ndi kutopa ndi anthu, ndipo uyenera kudziwa kuti iwe uli pati. Ngati umatopa ndi phokoso la gulu koma umatha kukhala ndi munthu mmodzi wovutika kwa ola lathunthu osaipidwa, khomo la chipatala lisatsekedwe. Ngati ngakhale zimenezo zimakulemera, mvera zimene mtima wako ukukuuza.

Magulu a Holland usawatenge ngati ulosi. Pa zaka 18 munthu amakhala atalawa zinthu zochepa, ndipo sangakonde chimene sanachionepo. Ntchito yake n'kukuthandiza kuchepetsa minda ya ntchito kuchoka pa yambirimbiri kufika pa itatu kapena inayi yoti uifufuze bwino.

Tsopano tibwere pamene ambiri safuna kuyang'ana. Phunziro limene umakhoza kwambiri limakuonetsa kumene ungakonde kupita, koma limene umafooka ndi limene limanena ngati ulowa. Kosi iliyonse ili ndi maphunziro ake oyenera kukhoza, ndipo makosi a zaumoyo pafupifupi kulikonse amafuna bayoloje pamodzi ndi kemisitiri, ambiri n'kuwonjezerapo masamu ndi fizikisi. Usasokoneze zinthu ziwiri izi: mlingo wochepetsetsa umene yunivesite imalemba m'buku lake, ndi mlingo umene anthu osankhidwa amakhala nawo. Woyambawo umangokulola kupikisana nawo. Pa kosi ya udokotala ofuna malo amachuluka kuposa malowo, motero osankhidwa amakhala apamwamba pa maphunziro onse a sayansi, osati limodzi. Ngati zotsatira zako zenizeni zifanane ndi za mayeso oyeserera, 58 wa kemisitiri ndi 47 wa masamu akuika kumbuyo pa mpikisano umenewo. Ndi bwino ndikuuze ine lero kusiyana n'kuti udzamve pa tsiku lotulutsa maina.

Yunivesite sifuna kemisitiri pongofuna kuvutitsa ana. M'zaka zoyambirira za udokotala muli phunziro la kemisitiri ya m'thupi, lofotokoza mmene shuga amasandukira mphamvu, mmene chiwindi chimaphwanyira mankhwala ndi zina zotero, ndipo pambuyo pake pamabwera phunziro la mmene mankhwala amagwirira ntchito. Kosi ya ukatswiri wa mankhwala, imene ena amaithamangira akalephera udokotala poganiza kuti ndi yopepukirapo, ndiye yadzaza kemisitiri kuposa udokotala weniweniwo. Amene kemisitiri ya zinthu zokhala ndi kaboni inkamuzunguza mutu ku sekondale akaipeza ikumudikira kumeneko, itakula.

Koma mawu oti "masamu amandivuta" ndi otakata kwambiri, ndipo sindifuna uthawe sayansi yonse chifukwa cha 47. Masamu ali ndi zigawo, ndipo ntchito zosiyana zimafuna zigawo zosiyana. Uinjiniya, fizikisi, sayansi ya makompyuta ndi maphunziro a zachuma zimafuna alijebula yolimba, ndipo zambiri mwa izo zimayamba ndi kalikyulasi chaka choyamba chomwe. Kumeneko ndi malikisi akowa sindingakutumize. Ntchito za bayoloje zimadalira kwambiri masamu a magawo, maperesenti, kusintha miyeso, kuwerenga magalafu ndi masamu a chiwerengero. Tiyeni tiyese. Tenga pensulo uwerengere izi usanaone mayankho.

Loyamba ndi la kuchipatala, ndipo ndi loyeserera masamu chabe, osati malangizo a mankhwala. Mwana wolemera makilogalamu 12 walemberedwa mankhwala pa mlingo wa mamiligalamu 15 pa kilogalamu iliyonse. Mankhwalawo ndi amadzi, ndipo pabotolo palembedwa kuti m'mamililita 5 muli mamiligalamu 120. Umupatsa mamililita angati? Mwanayo akufunika 12 kuchulukitsa ndi 15, amene ndi mamiligalamu 180. Mililita imodzi ili ndi 120 kugawa ndi 5, amene ndi mamiligalamu 24. Ndiye 180 kugawa ndi 24 ikupereka mamililita 7.5. Lachiwiri ndi la mu labotale. Uli ndi mankhwala osungunula amphamvu ya 10 peresenti, ndipo ukufuna mamililita 100 amphamvu ya 2 peresenti. Popeza 2 amalowa mu 10 kasanu, utenga gawo limodzi mwa magawo asanu a 100, amene ndi mamililita 20, n'kuthira madzi mpaka zikwane 100. Lachitatu ndi la kumunda. Feteleza wa yureya ali ndi nayitirojeni 46 peresenti. Ngati hekitala ikufuna makilogalamu 92 a nayitirojeni, pafunika yureya wochuluka bwanji? Makilogalamu 100 a yureya amapereka 46, choncho pafunika makilogalamu 200.

Ngati atatuwa wawapeza wekha, ngakhale mochedwa, ndiye kuti maziko ulinawo, ndipo malikisi ako akutayikira kwina, mwina pa alijebula kapena pa masamu a ngodya. Limenelo ndi vuto lochizika ndipo silikutsekera ntchito za bayoloje. Ngati unasowa poyambira, makamaka pa kugawa ndi pa maperesenti, ndiye ntchito yako ya miyezi yodikira zotsatirayi yapezeka, chifukwa masamu amenewa namwino, wa mu labotale ndi mlangizi wa zaulimi amawachita tsiku lililonse, ndipo kuphonya kadontho kamodzi pa nambala kumachulukitsa mlingo kakhumi. Uwonjezerepo malogarithimu, popeza muyeso wa pH wagona pa iwo: madzi a pH 4 ali ndi asidi kuwirikiza kakhumi kuposa a pH 5. Masamu a chiwerengero nawo sungawathawe. Pafupifupi digiri iliyonse ya sayansi ili nawo, ngakhale ya kaganizidwe ka anthu, imene ambiri amailowa pothawa masamu.

Tione tsopano minda iwiri ya ntchito imene ndikuona kuti ikukuyenera kwambiri, ndipo ndikuonetsa mbali yake yotopetsa, chifukwa yokongolayo waiona kale.

Woyamba ndi sayansi ya mu labotale ya chipatala. Awa ndi anthu amene amayeza magazi, mkodzo, makhololo ndi zina kuti dokotala adziwe chimene akulimbana nacho. Pofufuza malungo ndi maikulosikopu, amapaka dontho la magazi pagalasi, kuliumitsa, kulinyika mu utoto, n'kuliyang'ana litakuzidwa ka 1,000. Asananene kuti mulibe tizilombo amayenera kuyang'ana malo osachepera 100 pagalasi limodzilo. Akamaliza atenga galasi lina, kenako lina. Pofufuza mabakiteriya amagwiritsa ntchito njira yopaka utoto imene Hans Christian Gram anatulukira mu 1884, imene imasiyanitsa mabakiteriya otsala ofiirira moderapo ndi otsala ofiira motuwa, ndipo kusiyana kumeneku kumathandiza posankha mankhwala. Maselo a anyezi unawaona kamodzi ndipo anakusangalatsa. Funso ndi lakuti, kodi galasi la makumi atatu pa tsiku limodzi udzaliyang'ana ndi chidwi chofanana ndi loyamba? Ntchitoyi imafuna wofufuza amene alinso wadongosolo, wolemba nambala ya wodwala molondola nthawi zonse, chifukwa kusinthanitsa mabotolo awiri kumapatsa munthu matenda a mnzake. M'malabotale ambiri makina ndi amene amayeza zambiri masiku ano, ndipo gawo lalikulu la ntchito ndi kuonetsetsa kuti makinawo akunena zoona. Kemisitiri ilimo ndithu, makamaka poyeza shuga, mchere wa m'magazi ndi kagwiridwe ntchito ka chiwindi ndi impso, motero 58 uja ayenera kukwera. Ndipo ngati unakayikirapo kuti maso ako sasiyanitsa bwino mitundu, kayezetse usanasankhe.

Wachiwiri ndi sayansi ya mbewu, makamaka nthambi ya matenda ndi tizilombo ta mbewu kapena yopanga mitundu yatsopano ya mbewu. Apa maphunziro ako awiri amphamvu akukumana, ndipo ndikudabwa kuti kunyumba sanauone 78 ameneyu. Ana ambiri amanyoza makosi a zaulimi poganiza kuti ndi khasu, koma katswiri wa matenda a mbewu amagwira ntchito yofanana ndi ya dokotala. Amapita kumunda, amaona tsamba lachita mawanga, amafunsa kuti zinayamba liti ndipo zikufalikira bwanji, amatenga tsambalo kupita nalo ku labotale, n'kupeza ngati ndi nkhungu, bakiteriya, vairasi kapena kuperewera kwa chakudya m'nthaka. Maikulosikopu ako uja ali pomwepo. Mbali yotopetsa ndi nthawi. Ukafuna kuyerekeza mitundu 5 ya mbewu sungadzale mtundu uliwonse pamalo amodzi, chifukwa nthaka imasiyana ngakhale m'munda umodzi. Umabwereza mtundu uliwonse kanayi m'malo osakanikirana, ndiye uli ndi timinda 20 toti uyeze kutalika kwa mbewu, tsiku lochita maluwa ndi kulemera kwa zokolola. Yankho limabwera pakutha pa nyengo yonse, ndipo kawirikawiri umayenera kubwereza chaka china. Pamapeto pake ndi masamu a chiwerengero amene amakuuza ngati kusiyana kwa zokolola n'kwenikweni kapena kwangochitika mwamwayi. Munthu wofuna kuona zotsatira lero lomwe amavutika nayo ntchito imeneyi. Komanso dzuwa ndi matope ndi mbali ya ntchitoyo.

Unamwino anthu adzakuuza kuti ndiwo wachiwiri kwa udokotala. Kwa iwe ndikukayika, chifukwa namwino amakhala ndi odwala nthawi yaitali kuposa dokotala. Uphunzitsi wa sayansi nawo ndi kuima pamaso pa gulu tsiku lonse. Za kadyedwe koyenera ndi za umoyo wa anthu m'madera zili pakatikati, zili ndi kufufuza komanso kuphunzitsa anthu, ndipo ungaziike pa mndandanda wako ngati zachitatu.

Ukasankha minda iwiri kapena itatu, usadalire dzina la kosi. Peza buku la yunivesite limene limafotokoza makosi, kapena tsamba lake la pa intaneti, uwerenge mndandanda wa maphunziro a chaka chilichonse. Uwerenge kuti pa maphunziro a chaka choyamba ndi chachiwiri, angati ndi a kemisitiri, angati ndi a masamu ndi fizikisi, angati ndi a bayoloje. Makosi ambiri a sayansi chaka choyamba amaphunzitsa sayansi zonse pamodzi, ndipo amene amabwerera kunyumba kawirikawiri sagwa pa phunziro limene analikonda, amagwa pa limene ankaganiza kuti analisiya ku sekondale. Ngati theka la maphunziro a zaka ziwiri zoyamba lili m'zimene umafooka, kosi imeneyo ndi yoopsa kwa iwe ngakhale dzina lake likome bwanji.

Pali msampha wina wa maina ofanana. Ntchito za chipatala m'mayiko ambiri zimafuna kuti munthu alembetsedwe ku bungwe loyang'anira ntchitoyo asanayambe kugwira, ndipo bungwelo limavomereza makosi ena okha. Makosi awiri akhoza kukhala ndi maina oyandikana, onse otchula sayansi ndi zaumoyo, koma imodzi yokha n'kukhala yokupatsa chilolezo choyeza odwala mu labotale ya chipatala, inayo n'kukhala yokonzekeretsa anthu ofufuza. Zonse ndi zabwino, koma uyenera kudziwa imene ukulowa. Funsa mafunso awiri ku yunivesiteyo: kodi sukuluyi ndi kosiyi n'zovomerezeka ndi bungwe la boma loona za maphunziro apamwamba, ndipo kodi womaliza kosiyi amalembetsedwa ku bungwe liti? Yankho ukalitsimikize ku bungwelo, osangokhulupirira kapepala kotsatsa malonda. Safunsa anadya phula.

Chinthu chimene chimathandiza kuposa zonse ndi kuona ntchitoyo ndi maso. Pempha kudzera kwa aphunzitsi ako kapena makolo kuti ucheze ndi munthu mmodzi wa mu labotale ndi mmodzi wa zofufuza za mbewu, ndipo ngati n'kotheka ukhale nawo tsiku lathunthu. M'chipatala mwina sangakulole kulowa paliponse chifukwa cha chinsinsi cha odwala ndi chitetezo chako, koma kucheza kokha amalola. Usawafunse ngati ntchito yawo ndi yabwino, chifukwa aliyense adzati inde. Afunse kuti dzulo anachita chiyani kuyambira pofika mpaka poweruka. Afunse phunziro limene linagwetsa anzawo ambiri ku koleji. Afunse kuti anzawo amene anamaliza nawo limodzi ali kuti lero, ndipo anadikira nthawi yaitali bwanji asanapeze ntchito. Funso lomalizali lidzakuuza za msika wa ntchito zoona zimene palibe buku la yunivesite lingalembe. Ukafunsenso dokotala mafunso omwewa, kuti udokotala ukaukana kapena kuufuna, ukhale utauona.

Podzaza fomu, kumene amalola kusankha makosi angapo, werenga kaye malamulo a kasankhidwe, chifukwa m'malo ambiri ndondomeko imene waika makosi imawerengedwa. Cholakwa chimene ndimachiona chaka ndi chaka ndi kudzaza mipata yonse ndi makosi olimbirana kwambiri, udokotala, ukatswiri wa mankhwala, udokotala wa mano, ndiye mwana wokhoza bwino n'kutsala opanda malo. Cholakwa china ndi kuika pampata womaliza kosi imene sukuidziwa pongofuna kudzaza, kenako n'kusankhidwira komweko. Ndikanakhala iwe, zotsatira zitabwera ngati za mayeso oyeserera, ndikanaika sayansi ya mu labotale pamwamba ngati malikisi akukwana, sayansi ya mbewu pambuyo pake, kenako kosi ina ya bayoloje kapena ya kadyedwe imene mpikisano wake ndi wocheperako. Ngati utacheza ndi anthu aja mtima wako wapendekera kumunda, sinthanitsa ziwiri zoyambazo popanda manyazi.

Nanga ngati utaona zonsezi ukupezabe kuti ukufuna udokotala, iweyo osati akunyumba? Njira zilipo, koma iliyonse ili ndi mtengo wake. Kumene malamulo amalola, ukhoza kulembanso mayeso kuti ukweze kemisitiri, fizikisi ndi masamu. Funsa kaye ngati yunivesite imene ukuifuna imalandira zotsatira za maulendo awiri, chifukwa ena amafuna zonse zikhale za ulendo umodzi. Ndipo kubwereza kumathandiza pokhapokha ukadziwa chimene chinalakwika poyamba. Ngati munalibe mphunzitsi wa masamu kwa chaka, kubwereza ndi mphunzitsi wabwino kungasinthe zinthu. Ngati unali ndi zonse ndipo unalimbikira koma n'kupeza 47, chaka china chikhoza kungokupatsa 52. Mayunivesite ena amalandiranso ku udokotala anthu amene ali kale ndi digiri kapena dipuloma ya sayansi, koma usalowe kosi ina ndi chiyembekezo choti udzasamuka pakati pa ulendo usanaone lamulo lolola zimenezo litalembedwa. Kumbukiranso kutalika kwake: m'mayiko ambiri udokotala umatenga zaka 5 kapena 6, n'kuwonjezera nthawi yogwira ntchito moyang'aniridwa, pamene madigiri ambiri a sayansi amatenga zaka 3 kapena 4.

Akunyumba usawayankhe ndi mawu oti "sindikufuna". Akamati adokotala, chimene akufuna ndi chakuti udzakhale ndi ntchito yodalirika ndi yolemekezeka, ndipo udokotala ndi dzina limene akulidziwa. Khala nawo pansi mwaulemu ndi mapepala m'manja: zofunika pa kosi iliyonse, malikisi ako pambali pake, zaka zimene kosi imatenga, ndi zimene anakuuza anthu a ntchito aja. Makolo ambiri amafewa akaona kuti mwana wafufuza. Zikavuta, pempha aphunzitsi ako a bayoloje kapena wachibale wamkulu amene amamumvera kuti akhalepo pa zokambiranazo.

Pali nthawi zina zimene kalata ngati ino sikwanira. Zotsatira zikatuluka zosiyana kwambiri ndi za mayeso oyeserera, kaya zakwera kaya zatsika, pita kwa mlangizi wa ntchito wa pasukulu panu kapena kwa aphunzitsi amene amakudziwa bwino, muunikenso zonse musanadzaze kanthu. Pa funso lililonse la malamulo olowera, monga ngati zaulimi zimawerengedwa ngati phunziro la sayansi pa kosi imene ukufuna, funsa ku ofesi yolemba ophunzira ya yunivesiteyo, chifukwa mayunivesite amasiyana pa mfundo imeneyi ndipo malamulo amasintha. Ndipo ngati nkhaniyi yafika pokusowetsa tulo, kukulepheretsa kudya kapena kukupangitsa kudziona wopanda pake kwa milungu ingapo, uza munthu wamkulu amene umamukhulupirira ndipo ukaonane ndi mlangizi kapena wa zaumoyo, osadikira kuti zotsatira zituluke.